Mafuta odzola m'chipinda cha malata: kodi botolo la pampu lingakupulumutseni?

"Ndimagwira ntchito ku Moatize ndipo ndimagona m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Seramu wa vitamini C amene ndinagula mu Seputembala wasanduka wofiirira, ndipo kirimu wa kumaso wayamba kutuluka timadzi. Ndikapita kwathu ku Ulongwe ndimapeza mafuta atatayikira m'chikwama. Kodi ndisiye kugula a m'mabotolo opisamo chala, ndizigula a pampu okhaokha?"

Achemwali, botolo la pampu limateteza mafuta ku chala chanu, ndipo mtundu wina wa pampu umawatetezanso ku mpweya, koma palibe pampu imene imawateteza ku kutentha. Funso lanu landikhudza chifukwa inenso ndinatsika kuchokera ku Angoniya kudzakhala mumzinda wa Tete, ndipo zimene ndinaona m'chilimwe changa choyamba kuno zimandiwawabe mumtima.

Kwathu kumapiri kirimu ankakhala pawindo mpaka kutha osasintha fungo. Nditafika kuno ndinagula kirimu wa kumaso m'sitolo ina yooneka bwino, yokhala ndi galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo, ndipo mabotolo anali atandandalikidwa kuseri kwa galasilo kuti odutsa aziwaona. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene masana kuno kumapitirira madigiri 40. Mtsikana wogulitsa atandipatsa botolo, linali lofunda m'manja, koma tsiku lotha ntchito limene linadindidwa pansi pake linali kutali, ndipo chivindikiro chinali chomata bwinobwino. Nditafika kunyumba n'kumatula kapepala kotseka pakamwa, ndinapeza mafuta achikasu atayandama pamwamba, pansi pali zoyera zambulumbulu zimene zinkakana kulowa pakhungu. Nditabwerera nalo anandiuza kuti ndingotakasa, zibwerera m'malo mwake. Sindinavomere, ndipo mpaka lero sindivomera, chifukwa wogulitsa amene amaika katundu wotere padzuwa akugulitsa chinthu chimene wachiwononga yekha, ndipo tsiku la pabotolo silingamuikire kumbuyo. Tsikulo limagwira ntchito ngati botolo lasungidwa monga opanga ananenera, ndipo ambiri amalemba kuti lisungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30.

Kirimu ndi loshoni ndi madzi ndi mafuta zimene zakakamizidwa kukhala pamodzi. Mafutawo amaswedwa kukhala timadontho tating'onoting'ono, ndipo opanga amathiramo mankhwala ogwirizanitsa kuti timadonthoto tisakumanenso. Kukatentha, kirimu amasungunuka n'kukhala wamadzimadzi, timadontho timayenda mosavuta, timagundana n'kuphatikana, mapeto ake mafuta amakwera pamwamba monga amachitira m'chiponde chimene chakhalitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti chiponde mukatakasa chimadyeka, pamene kirimu wolekana sabwerera mmene analili ngakhale mutamutakasa ndi kamtengo tsiku lonse. Mankhwala oletsa nkhungu ndi tizilombo amene anali ponseponse m'kirimumo amatha kupendekera mbali imodzi, mbali ina n'kutsala yosatetezeka. Ngati ndi mafuta oteteza ku dzuwa, vuto limakula, pakuti zoteteza sizifalikiranso mofanana pakhungu ndipo munthu amapsa akuganiza kuti wadzola.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda aliyense wa m'chigwa cha Zambezi akanachidziwa. Opanga zodzola akafuna kuona msanga mmene kirimu adzakhalire akakalamba, amamuika m'kabati yotentha madigiri 40 kapena 45 kwa miyezi ingapo. Amatero chifukwa, mongoyerekeza, kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kuwonongeka kwa mankhwala ambiri kumafulumira kawiri. Ndiye kuti pa madigiri 45 chinthu chingakalambe mofulumira pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi pa madigiri 25. Chipinda cha malata chopanda siling'i, chotsekedwa mawindo kuyambira m'mawa mpaka madzulo mu Okutobala ndi Novembala, chimafika pa kutentha komweko masana, makamaka kumtunda pafupi ndi denga. Mashelefu athu ambiri amakhomedwa m'mwamba kuti ana asafikire, ndipo n'komwe kumatentha kwambiri.

Tsopano titenge seramu wanuyo. Vitamini C weniweni akasungunulidwa m'madzi amawonongeka akakumana ndi mpweya, ndipo kuwala ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi. Amayamba woyera kapena wachikasu pang'ono, kenako chikasu chimakula, n'kufika pa mtundu wa lalanje, pomaliza wofiirira. Wachikasu chopepuka akadali ndi mphamvu, koma wofiirira watha ntchito, amatha kudetsa khungu ndi zovala ndiponso kuyabwa, choncho mutayeni osamva chisoni. Botolo lofala ndi la mamililita 30 lokhala ndi kodonthezera ka labala. Mililita imodzi imatulutsa madontho pafupifupi 20, ndiye botolo lonse lili ndi madontho pafupifupi 600. Mukamadzola madontho 5 m'mawa uliwonse, botololo lidzatenga masiku 120, kutanthauza miyezi inayi, ndipo tsiku lililonse mumalitsekula, n'kufinya kalabala, n'kupopera mpweya watsopano m'kati mwa seramuyo. Pamene seramu akuchepa, malo a mpweya m'botolo akukula, motero theka lomaliza limawonongeka msanga kuposa loyamba. Kwa ine kodonthezera ndiko koipa kuposa zotengera zina zonse pa vitamini C ndi retinolo, mtundu wa vitamini A wodzola pakhungu, ngakhale kamaoneka kapamwamba, ndipo m'chipinda ngati chanu botolo la mamililita 30 ndi lalikulu kwambiri. La mamililita 15 lingathe m'miyezi iwiri lisanafiire. Ngati laling'ono silikupezeka, dzolaninso m'khosi ndi kuseri kwa manja kuti lithe likadali ndi mphamvu, m'malo molisunga mwaumbombo mpaka kulitaya.

Mapampu ndi amitundu iwiri

Pampu wamba ili ndi kapaipi kotsikira pansi pa botolo. Mukadina, mafuta amatuluka ndipo mpweya umalowa kudzatenga malo awo, apo ayi botolo likanafwamphuka. Pampu yotere imathandiza pa ukhondo chifukwa chala sichilowa, koma mpweya umakumanabe ndi mafuta. Pampu yachiwiri ilibe kapaipi. Pansi pa mafuta pali kambale kamene kamakwera pang'onopang'ono mukamadina, moti m'kati simukhala malo a mpweya. Mungaizindikire potembenuza botolo: pansi pake pamakhala kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya kuseri kwa kambaleko, ndipo ngati botolo n'loonekera m'kati, kambaleko mumakaona. Poyamba imafuna kudina kangapo isanatulutse kanthu, ndipo musaitsekule kuti musuzumire, chifukwa mukatero mwalowetsa mpweya umene inapangidwira kuutsekereza. Imeneyi ndi imene ndimaifunira vitamini C ndi retinolo, makamaka botolo likakhala losaonetsa kuwala.

Koma sindikugwirizana ndi anthu amene amanyoza botolo lililonse la kukamwa kwakukulu. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi m'mafutamo muli madzi. Vaselini alibe madzi, tizilombo sitiswanamo mosavuta, ndipo akasungunuka ndi kutentha amaumanso osataya kanthu. Pampu singathe n'kumukoka. Mafuta olimba a mtengo wa shiya nawonso amasungunuka pa kutentha kofanana ndi kwa thupi, ndipo akauma pang'onopang'ono amachita timchengamchenga timene timasungunuka pakhungu popanda vuto. Chimene chimawawononga ndi kununkha kwa mafuta okhalitsa, ndipo mphuno idzakuuzani. Kirimu wamadzi ndi amene amavutika m'botolo lotseguka, chifukwa chala cha thukuta chimabweretsa tizilombo, ndipo pa madigiri 30 mpaka 40 tambiri timaswana bwino kwambiri. Ngati kirimu amene amakuyanjani amabwera m'botolo lotere lokha, musamusiye, koma muzimutapa ndi kasupuni koyera ndi kouma, osataya kachivindikiro ka m'kati, n'kutseka pompo. Yang'ananinso kachithunzi ka botolo lotsekula kolembedwa 6M kapena 12M, kamene kamanena miyezi yogwiritsa ntchito mukatsekula. Kuno ine sindiyembekezera kuti miyeziyo ikwane.

Pamenepa ndinenepo za kirimu wogawidwa m'timabotolo topanda chizindikiro amene amagulitsidwa m'misika. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amagula, pakuti botolo lathunthu ndi lodula. Koma simudziwa tsiku limene botolo lalikulu linatsekulidwa, supuni imene anatapira, kapena zimene anasakanizamo, ndipo tebulo lake limakhala padzuwa tsiku lonse. Zoterezi ine sindiika kumaso, ngakhale zitatsika mtengo chotani.

Za kutayikira m'chikwama zili ndi chifukwa chake. Mzinda wa Tete ndi Moatize zili pansi m'chigwa, pamene Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,200. Shapa, minibasi yonyamula anthu, ikamakwera, mpweya wa kunja umapepuka, ndipo mpweya umene unatsekeredwa m'botolo kuchigwa umafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Botolo likagona cham'mbali, mpweyawo umakankha mafuta, amene asungunuka kale ndi kutentha, kudzera pakamwa kapena pa pampu. N'chifukwa chake botolo lotsala theka limatayikira kwambiri kuposa lodzaza. Onjezani kuti chikwama nthawi zambiri chimaikidwa kuseri kwa dalaivala, pamwamba pa injini, kapena kumbuyo pafupi ndi galasi, pamene shapa ikudikira kudzaza padzuwa. Galimoto yotsekedwa padzuwa imatha kupitirira madigiri 60 m'kati.

Choncho musanyamule mabotolo onse. Seramu wa vitamini C atsale kunyumba, pakuti kulumpha masiku ochepa sikuwononga khungu. Kirimu wa paulendo akhale wa m'kachubu kakang'ono, ndipo musanatseke mufinye mpweya utuluke. Pampu muitseke popotokola mutu wake kapena ndi chivindikiro, botolo la kukamwa kwakukulu muliyalire kapulasitiki pakamwa musanatseke, zonse muziike m'jumbo choimirira, pakati pa zovala, m'chikwama chimene mwachifungata pamiyendo.

Kunyumba, ngati muli ndi filiji, vitamini C ndi retinolo akhale pachitseko chake, osati mouma madzi, chifukwa kuuma nakonso kumalekanitsa kirimu. Botolo lopisamo chala musamalilowetse ndi kulitulutsa m'filiji tsiku ndi tsiku, poti mame amachita pansi pa chivindikiro n'kudonthera m'kirimu. Ngati filiji mulibe, tsitsani zonse pashelefu, muziike m'kabokosi kotseka, pansi, pasimenti, kukhoma limene dzuwa la masana siliwomba. M'miyezi youma mungaike kabokosiko mumphika wadothi wokhazikidwa mumchenga wonyowa ndi kuvindikira ndi nsalu yonyowa, ndipo madzi akamauma amatsitsa kutentha ndi madigiri angapo. Mvula ikayamba njira imeneyi imachepa mphamvu chifukwa mpweya umakhala wachinyezi. Botolo lotsatira mukagula, ligwireni kaye m'manja muli m'sitolo momwemo, ndipo ngati n'lofunda pemphani la m'katoni ya kumbuyo.