Mauthenga ngochuluka koma ogula ngochepa: ndalama yotsatsira ikuthera kuti?

*Zikomo alangizi. Ndimagulitsa zofunda ndi nsalu zoyala pabedi kuno ku Lilongwe, ndipo seti iliyonse imandisiyira phindu la K15,000. Mwezi watha ndinalipira K300,000 kutsatsa pa Facebook, ndinasankha Malawi yense, zaka 18 mpaka 65. Anthu 400 anandilembera pa WhatsApp koma anagula ndi 24 okha. Ambiri amangofunsa kuti "zingati?" basi n'kusowa. Ndisiye kutsatsa kapena pali pamene ndikulakwitsa? — Mayi wa ku Area 25*

Mayi, musasiye. Tiyambe ndi masamu anu omwewo. Uthenga uliwonse unakudyerani K750, zomwe zikumveka zotchipa. Koma mukagawa ndalama yonse ndi anthu amene anaguladi, kasitomala mmodzi munamupeza pa K12,500, ndiye pa phindu lija mukutsala ndi K2,500 yokha pa seti. Bizinesi siikuluza, koma mukugwirira ntchito Facebook. Chomwe ndikukayikira n'chakuti pakati pa anthu amene anaona positi yanu pali gulu lina lomwe likukupindulitsani bwino ndithu, ndi lina lomwe likudya phindu la anzawowo. Mukawaphatikiza onse pa nambala imodzi, zimenezi sizioneka.

Kuti muwalekanitse, tsegulani Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera zotsatsa, makamaka pa kompyuta chifukwa pa foni zina zimabisika. Ngakhale munangodina `Boost post`, positi yanuyo muipezamo. Sankhani masiku a mwezi wonse wathawo, dinani `Breakdown`, kenako `Age`. Mzere umodzi uja ugawika m'magulu a zaka 18–24, 25–34, 35–44 n'kumapita m'tsogolo. Pa gulu lililonse yang'anani `Amount spent`, `Results` ndi `Cost per result`. Mukatha bwererani pa `Breakdown` musankhe `Region`, kenako `Impression device`, yomwe imaonetsa mtundu wa chipangizo chomwe munthu anaonerapo positi. Ngati akaunti yanu imawerengera m'madola, sinthani ndalamazo kukhala makwacha potengera zomwe banki inadula ku akaunti kwanu, osati mtengo wa dola womwe mwamva.

Apa ndi pamene ambiri amasocherera, choncho ndichedwapo pang'ono. Mawu akuti `Results` pa positi ngati yanu akutanthauza anthu amene anayamba kukulemberani, osati amene analipira. Inu munauza Facebook kuti mukufuna mauthenga, ndipo makina ake amachita zomwezo mokhulupirika: amafunafuna anthu amene sachedwa kudina n'kulemba, chifukwa ndiwo otchipa kuwapeza, n'kukankhira ndalama yambiri kwa iwo. Zoti munthuyo anatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kapena anabwera kudzatenga katundu pamanja, makinawo saziona. Zimenezo zili m'kope lanu. Tebulo la Facebook limakuuzani kumene ndalama inapita, kope lanu limakuuzani kumene ndalama inachokera, ndipo kuwonongeka kumaoneka pokhapokha mwaziika pamodzi ziwirizi.

Tiyerekeze kuti mwatero ndipo mwapeza zotsatirazi. A zaka 18–24 anadya K120,000, n'kutumiza mauthenga 240, aliwonse pa K500. A zaka 35–44 anadya K60,000, mauthenga 45 okha, aliwonse kupitirira K1,300. Munthu wongoona tebulo anganene kuti achinyamata ndiwo abwino, akuluakuluwa ngodula, tiwachotse. Tsopano tsegulani kope. Mwa achinyamata aja anagula ndi atatu, kutanthauza K40,000 pa kasitomala mmodzi, pa seti yokupatsani K15,000. Mwa akuluakulu aja anagula 9, aliyense pa ndalama yosakwana K7,000. A zaka 25–34 tinene kuti anadya K100,000 n'kugula 11, pafupifupi K9,100 aliyense, zomwe zikulolekabe. Ndiye kuti gulu looneka lotchipa pa tebulo ndilo linakuluzitsani K75,000, pamene looneka lodula ndilo likusunga bizinesi. Nambalazi n'zoyerekeza chabe, zanu zikhoza kutuluka mosiyana, koma kawerengedwe kake ndi komweko: ndalama ya gulu, kugawa ndi ogula a m'gululo, n'kuyerekeza ndi phindu la seti imodzi.

Mwina mukufunsa kuti zaka za wogula mungazidziwe bwanji, poti simungamufunse munthu chaka chobadwa pogulitsa zofunda. Kwa anthu 24 a mwezi wathawa, ambiri munawaona kapena kulankhula nawo, mukhoza kuwaika m'magulu mongoyerekeza ndipo pa chiyambi n'zokwanira. Kuyambira mwezi uno pangani njira yodalirika. Mu Ads Manager konzani `Ad set` ziwiri, kutanthauza magulu awiri a anthu oti aone positi, ina ya zaka 18–24, ina ya zaka 25 kupita m'tsogolo, chithunzi ndi mawu zikhale zofanana. Positi yotsegula WhatsApp imakulolani kulemberatu uthenga woyamba womwe kasitomala amangotumiza. Ku gulu loyamba lembani "Moni, ndikufuna kudziwa za zofunda", ku lachiwiri "Moni, ndaona zofunda zanu". Uthenga ukangofika mwadziwa kale komwe wachokera, n'kuuikira chizindikiro mu WhatsApp Business. Akalipira, lembani m'kope tsiku, gulu, dera ndi ndalama. Pakutha pa mwezi simudzafunikanso kuyerekeza.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya zaka. Facebook imatengera chaka chobadwa chomwe munthu analemba yekha potsegula akaunti, ndipo kwathu kuno foni imodzi imatha kugwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo m'nyumba. Mwana wa sukulu akhoza kuona positi, n'kuonetsa mayi ake, mayiwo n'kukuimbirani pa nambala yawo. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa wogula aliyense kuti "munationa kuti?" musanaweruze gulu.

Za madera ndiye zimafuna kope kwambiri. `Region` imagawa dziko m'zigawo zikuluzikulu, kumpoto, pakati ndi kummwera, ndipo chigawo chapakati chokha muli Kasungu, Salima, Dedza ndi Ntcheu, osati Lilongwe yekha. Tebulo silikuuzani kuti amene analemba ali ku Kawale kapena ku Nkhotakota. Koma inu mukudziwa komwe seti iliyonse inapita. Werengani: mwa 24 aja, ndi angati anali mu mzinda, angati munawatumizira pa basi kapena pa kampani yonyamula katundu? Wa ku Karonga akamva mtengo amayenera kuwonjezerapo ya mayendedwe, komanso kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, katundu asanamugwire. Ambiri amathera pomwepo, osati chifukwa alibe chidwi ayi. Mukapeza kuti chigawo china chinadya gawo lalikulu la ndalama n'kubweretsa wogula mmodzi kapena awiri, muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kuchichotsa, n'kuika malo anu pa mapu ndi mtunda wozungulira womwe mungathe kufikitsa katundu tsiku lomwelo. Kapena, ngati mukufunabe msika wa Mzuzu ndi Blantyre, upatseni `Ad set` yakeyake ya ndalama yochepa, ndipo positi yake inene poyera mtengo wa katundu, wa mayendedwe ndi masiku ofikira. Olemba achepa, koma olembawo adzakhala atavomera kale mtengo.

Kunena zoona, kulemba mtengo pa chithunzi penipeni kungachepetse "zingati?" ambiri m'magulu onse. Amalonda ena amabisa mtengo dala kuti anthu alembe. Potero amaphunzitsa makina aja kuwabweretsera ofunsa mitengo, n'kumalipira funso lililonse.

Pa zipangizo sindichedwapo, chifukwa kwa inu n'kutheka kuti pafupifupi ndalama yonse ili pa mzere wa `Android smartphone`, ndipo `iPhone` ndi `Desktop` zangotenga pang'ono. Ngati zili choncho palibe chodula. Chofunika kuona n'chakuti positi yanu ikuyenda bwino pa foni wamba ya munthu wa bandulo yochepa. Kanema wautali amene mtengo umaoneka kumapeto, wotere amamudumpha, pamene chithunzi chimodzi chowala chimatseguka msanga. Onaninso kuti simunasankhe zoti positi izioneka kwa okhawo ali pa Wi-Fi. Ndipo pa `Breakdown` dinaninso `Placement`, yosonyeza malo omwe positi inaonekera, muone ngati `Reels` kapena `Stories` zikudya ndalama yambiri kuposa `Feed` koma osabweretsa ogula, poti pamalo amene chala chimathamanga anthu amadinanso mwangozi.

Tsopano podula, musafulumire. Gulu la zaka 45 kupita m'tsogolo, m'chitsanzo chathu chija, latsala ndi K20,000 ndi wogula mmodzi. Zikuoneka ngati likuluzitsa, koma wogula mmodzi yekha wowonjezera akanatsitsa mtengowo kufika pa K10,000, n'kukhala gulu labwino. Nambala zochepa chonchi sizinganene kanthu. Ine ndimalangiza kuti gulu muliweruze likadya ndalama yokwana phindu la maseti atatu kapena anayi, kwa inu K45,000 mpaka K60,000, ndipo masiku ake aphatikize mapeto a mwezi pomwe olandira malipiro amagula komanso pakati pa mwezi pomwe matumba auma. Gulu la achinyamata lija muyeso umenewu laupitirira kawiri, ndiye pamenepo mukhoza kudula mtima uli m'malo.

Musayembekezenso kuti K120,000 mukaisamutsira kwa a zaka 35–44 ibweretsa ogula pa K7,000 yomweyo. Makina amayamba ndi anthu osavuta kuwakopa, ndipo mukawonjezera ndalama pa gulu laling'ono amafika kwa ovutirapo, kapena kuonetsa positi kwa anthu omwewo mobwerezabwereza. Zimenezi mudzaziona pa `Frequency`, nambala yosonyeza kuti munthu mmodzi waona positi kangati: ikamakwera mtengo wa wogula n'kumakweranso, gululo lakhuta. Choncho samutsani theka lokha, linalo libwerere m'thumba kapena mukaonjezere katundu. Komanso musagawe anthu m'timagulu tambirimbiri. Facebook imanena yokha kuti `Ad set` imafuna zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti ikhazikike, ndipo mauthenga anu 400 pa mwezi akukwanira magulu awiri okha. Kusintha kwakukulu kulikonse kumayambitsanso kuphunzira kwa makinawo, ndiye sinthani chinthu chimodzi, mudikire sabata yathunthu, kenako china.

Pokonza zaka, samalani ndi `Advantage+ audience`, njira yolola makina a Facebook kusankha okha anthu oona positi. Ikakhala yoyatsa, zaka zomwe mwalemba imazitenga ngati maganizo chabe ndipo ikhoza kupyola. Zomwe imalemekeza ndi za pa `Audience controls`, monga dera ndi zaka zoyambira. Mukasintha, bwererani pa `Breakdown` pakatha masiku atatu mukatsimikize kuti gulu lomwe munachotsa lasiyadi kudya ndalama.

Sabata ino yambani ndi dera, chifukwa umboni wake muli nawo kale m'kope ndipo sufuna kuyerekeza. Zaka zitsatire mukasonkhanitsa mwezi umodzi wa mauthenga okhala ndi zizindikiro. Mukatero nditumizireni ndalama ya gulu lililonse ndi chiwerengero cha ogula ake, tidzawerengere limodzi kuti bajeti ya mwezi wotsatira ikhale zingati.