Chitupa chimene chinkayendetsa tsankho ku South Africa

"Kodi azungu ochepa aja anatha bwanji kupondereza anthu akuda zaka zonsezo ku South Africa, ndipo zinatha bwanji?"

Mfuti zinalipo, koma chimene chinkagwira ntchito tsiku ndi tsiku chinali pepala. Maziko anaikidwa mu 1913, pamene lamulo la malo linasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 pa 100 a dziko, ndipo mu 1936 anawonjezera kufika 13. Chipani cha National chitalowa m'boma mu 1948, chinamanga pamazikowo. Mu 1950 munthu aliyense anayamba kulembedwa m'kaundula malinga ndi mtundu wake, ndipo lamulo lina linagawa malo okhala m'matauni potengera kaundulayo.

Mu 1952 kunabwera kabuku kamene eni ake ankakatcha dompasi, ife tingati chitupa. Mwamuna wakuda aliyense wa zaka 16 kapena kuposa ankayenera kuyenda nako. Munali chithunzi, umboni wa msonkho, ndi malo amene bwana ankasainapo mwezi uliwonse. Wopanda chilolezo sankayenera kupitirira maola 72 m'tauni. Kuti ukhazikike, unayenera kukhala wobadwira komweko osachokako, kapena kugwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka 10 zosadukiza, kapena kukhalako movomerezeka zaka 15. Nkhanza yake inali apa: ntchito ikatha, siginecha yasowa, wapolisi akakuimitsa pamsewu basi wamangidwa, kenako akubweza kumudzi kumene mwina sunapondeko. Pa 21 Malichi 1960, anthu amene anapita kupolisi ya Sharpeville opanda zitupa, kuti awamange onse, anawomberedwa. Boma linati anafa 69.

Boma linachenjeranso. Kuyambira 1968, ochokera kumidzi ankalembedwa pa kontirakiti ya chaka chimodzi, n'kumabwerera kwawo kukaikonzanso, kuti zaka 10 zija zisamakwane. Mehlolo Tom Rikhoto, amene anagwira ntchito pa kampani imodzi ku Germiston zaka zoposa 10 mwa njira imeneyi, anakasuma. Mu 1983 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti kupita kumudzi chaka ndi chaka kunali tchuthi chabe, ntchito sinaduke. Chigamulochi chinatsegulira khomo anthu zikwizikwi, ndipo kwa ife chikusonyeza kuti khoma la tsankho linali litayamba kale ming'alu.

Mafakitale ankafuna antchito okhazikika, anthu ankangolowabe m'matauni ngakhale ankamangidwa, ndipo kuyambira 1984 zipolowe, masitiraka ndi zilango za chuma zochokera kunja zinalipanikiza boma. Zitupa zinathetsedwa mu 1986. Pulezidenti F.W. de Klerk anachotsa chiletso pa chipani cha ANC pa 2 Febuluwale 1990, Nelson Mandela anatuluka m'ndende pa 11 mwezi womwewo, ndipo mu Juni 1991 malamulo a kaundula, a malo okhala ndi a minda anafafanizidwa. Anthu a mitundu yonse anavotera limodzi pa 27 Epulo 1994, koma minda yambiri inatsalabe m'manja mwa azungu.