Masilaidi anga adzaza mawu, ndifupikitse bwanji?

"Abale, ndili ndi masilaidi 18 ndipo iliyonse ili ngati tsamba la lipoti. Abwana akuti ndisandutse mabuleti aafupi pofika Lachinayi. Ndidule bwanji koma tanthauzo lisasinthe?"

Mayo ine achemwali, mwandikumbutsa za 2023. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi, bungwe lomwe ndinkagwirako linandituma kukalankhula ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko ku Phalombe. Silaidi yanga inali ndi chiganizo ichi: "Mabanja amene minda yawo inakokoloka, ndipo sanalandire thandizo ku bungwe lina, angathe kulandira mbewu ngati ndalama zifika Okutobala asanathe." Chachitali, ndikuvomera. Abwana anga anatenga laputopu usiku kuloji, akuti akonzeko pang'ono, osandionetsa. M'mawa pulojekita itayaka, pakhoma panatuluka: "Okhudzidwa alandira mbewu mu Okutobala." Ndinangomva mimba kutentha. Ndisanatsegule pakamwa agulupu awiri anali atajambula kale ndi foni, holo yonse ikuwomba m'manja, mayi wina kumbuyo mpaka nthungululu. Ndinayesa kunena kuti ayi, pali "ngati" apa, koma ndani akumve anthu ataona okha zolembedwa? Ndalama zinachedwa. Anthu anayamba kubwera ku ofesi, ena atayenda wapansi kuchokera m'mawa, chithunzi chija chili pa foni. Abwana aja pa msonkhano wa antchito nkumati ine sindidziwa kulankhula ndi anthu akumudzi. Munthu amene anadula mawu ndi dzanja lake! Mpaka lero ndikawaona pa maukwati moni wanga amakhala wa mano okha.

Onani zimene zinatayika pa kamzere kamodziko. "Angathe kulandira" anasanduka "alandira", chotheka chinakhala lonjezo. "Ngati" anapita. Ndipo "okhudzidwa" ndi aliyense, ngakhale amene linagwa khola lokha. Ndiye musanadule chilichonse, sindikizani masilaidiwo, mutenge cholembera muzungulize timawu tating'ono: ngati, okha, ena, pafupifupi, pokhapokha, ndipo, kapena, komanso sa- ndi -nga- zobisala mkati mwa mneni. Tizungulizo timeneto sitichoka. Dulani zinazo, monga "tikufuna kukudziwitsani kuti" ndi mbiri ya bungwe.

Silaidi yanga ija ikanayenera kukhala chonchi. Mutu: "Angalandire mbewu ndani? (zonse ziwiri zikhalepo)"
• Amene minda yawo inakokoloka
• Amene sanalandire thandizo kwina
Pansi pake, payokha: "Zitheka pokhapokha ndalama zikafika Okutobala asanathe."

Ka "zonse ziwiri" kameneko musakapeputse. Mukaswa chiganizo kukhala mabuleti, "ndipo" amasowa, owerenga saona ngati pakufunika zonse kapena chimodzi chokha. Ine ndinachiphunzira mochedwa.

Za kufanana kwa mizere, yang'anani mawu oyamba a buleti iliyonse. Silaidi yanga ina inali ndi "Kalembera wa mabanja", "Tidzagula mbewu", "Alangizi aphunzitsidwe". Dzina, lonjezo, lamulo, zonse mu mndandanda umodzi, diso limapunthwa. Chichewa chathu chimatipeputsira, ingoyambani zonse ndi ku-: "Kulemba mabanja", "Kugula mbewu", "Kuphunzitsa alangizi". Koma ku- ameneyu amameza nthawi ndi wochita. Ngati kalembera anachitika kale, "Kulemba mabanja" akumveka ngati mubwera kudzalembanso, ndipo mawa anthu afola. Zikatero musakakamize kuti zifanane. Gawani pawiri, "Zimene tachita" mizere yake iyambe ndi ta-, "Zimene zatsala" iyambe ndi ku-, ndipo mutu unene wochitayo, bungwe kapena komiti.

Zimene mwadula musataye, ikani mu Notes pansi pa silaidi mu PowerPoint, muzikaziwerenga polankhula. Koma malire ndi "ngati" asapite kumeneko, chifukwa anthu amajambula khoma, sajambula pakamwa panu.

Ndiye dulani mopanda chisoni, buleti isapitirire mzere umodzi, mizere inayi kapena isanu pa silaidi basi, zikachuluka pangani masilaidi awiri m'malo mochepetsa zilembo. Ndipo munthu asakhudze fayilo yanu, olo abwana, atumizireni PDF. Komabe Lachitatu mupeze mnzanu amene sanaone lipoti, mumuonetse mabuleti okha, mumufunse kuti alandira ndani, liti, ndipo ndi zotsimikizika kapena ayi. Akayankha zosiyana ndi lipoti, bwererani pa mzere umenewo, mupeza kamawu kamene mwakagwetsa. Ngati abwana anu ali ngati anga aja, sungani fayilo yoyambirira pa imelo yanu, tsiku lake lizioneka.