Mapiritsi ogonetsa akaleka kugonetsa

“Bambo a kunyumba atamwalira ndidasowa tulo, ndiye kuchipatala adandipatsa dayazepamu wa mamiligalamu 5. Poyamba piritsi limodzi linkandigoneka mpaka kucha. Pano patha masabata 7, ndikumwa awiri koma ndimadzukabe pakati pa usiku. Nditayesa kusiya, pa tsiku lachinayi ndidayamba kunjenjemera, ndiye ndidayambiranso. Kodi mankhwalawa ndi achinyengo, kapena ine ndasanduka chidakwa cha mapiritsi?”

Pepani mayi ndi zovutazi. Mankhwalawo si achinyengo, ndipo mawu akuti chidakwa musadziveke msanga. Koma choyamba kumva ndi ichi: musadzayesenso kusiya kamodzin’kamodzi monga mudachitiramo. Dayazepamu ndi mmodzi mwa mankhwala amene munthu akawamwa tsiku lililonse kwa masabata angapo n’kuwadula mwadzidzidzi, akhoza kugwa n’kumaphupha ngati wa khunyu, ngakhale kuti chibadwire sadadwalepo khunyu.

Kalata yanu yandikhudza chifukwa njira imeneyi ndidayendamo ndi amayi anga. Bambo atatisiya, amayi ankangokhala tsonga pabedi usiku wonse, Baibulo lili pamiyendo koma osawerenga. Mwambo wa maliro utatha, abale atabalalika, ndidapita nawo kuchipatala ndipo adawalembera piritsi lomweli, limene anthu akale amalidziwa ndi dzina lakuti valiyamu. Usiku umenewo adagona mpaka ndidachita kukasuzumira ngati akupuma. Tonse m’nyumba tidati mankhwala ndi amenewa. Atatha oyambawo, mlongo wanga adapeza kufamase ina kumene sankafunsa chikalata cha dokotala, ndipo adayamba kumawagulira ngati akugula panado. Mwezi usadathe amayi adayamba kudandaula kuti mapiritsi a masiku ano alibe mphamvu. Adatituma kuti tikagule kwina. Tidagula kwina, zinali chimodzimodzi. Adayamba kuonjezera theka, kenaka lathunthu. Masana ankaiwala zimene tangokambirana, ndipo azakhali ena adayamba kunong’ona kuti mwina mutu wayamba kusokonekera ndi chisoni, ena n’kumati alodzedwa. Chimene chidatidzidzimutsa n’chakuti usiku wina popita kuchimbudzi adadzandira n’kugwa, kuthyoka dzanja. Dokotala amene adawamanga chikhakha ndiye adafunsa kuti akumwa mankhwala anji ndipo kuyambira liti. Titayankha adaika cholembera pansi n’kutiyang’ana tonse awiri.

Zimene adatifotokozera tsikulo, ndi zimene ndidakaphunzira pambuyo pake, ndi izi. Muubongo muli madzi ena otchedwa GABA amene ntchito yake ndi kutontholetsa minyewa, ngati buleki ya galimoto. Dayazepamu sabweretsa tulo take ayi, amangothandiza GABA kuponda bulekiyo mwamphamvu. Tsono ubongo sukonda kuti wina aziupondera buleki usiku uliwonse. Umayamba kusintha malo amene GABA ndi mankhwalawo amagwirapo kuti asamamve kwambiri, ndipo mbali ina umaonjezera moto pa minyewa yodzutsa munthu, ngati dalaivala amene waona kuti galimoto ikulemera n’kuyamba kuponda mafuta. Pakapita masiku angapo kapena masabata awiri, mafuta aja afanana ndi buleki, ndiye piritsi limodzi la mamiligalamu 5 limangokubwezani pomwe mudayambira. Mukaonjezera lachiwiri mumagona bwino kwa kanthawi, ubongo n’kuonjezeranso mafuta. Tsiku lomwe mwachotsa buleki mwadzidzidzi, phazi lija likadali pa mafuta. Kunjenjemera, thukuta, mtima kugunda kwambiri, nkhawa yosadziwika mutu wake, phokoso laling’ono kumveka ngati bingu, zonsezi zimachokera pamenepo. Ndiye kuti kuzolowera kwa thupi ndi kudalira mankhwala ndi kusintha kumodzi komweko: koyamba mumakuona mukamamwa, kwachiwiri mumakuona mukasiya.

Mwina mudadabwa kuti masiku oyamba mutasiya munali bwinobwino. Dayazepamu amachedwa kuchoka m’thupi. Pamatenga tsiku limodzi kapena awiri, mwinanso kupitirira, kuti theka lokha la mankhwalawo lichoke m’magazi, ndipo chiwindi chikamawagaya chimawasandutsa mankhwala ena amene nawonso amagwira ntchito yomweyo ndipo amachedwa kuposa apo. Mwa okalamba zimachedwa kwambiri. N’chifukwa chake zizindikiro zimadza patapita masiku angapo, mwina sabata, pamene munthu wayamba kale kudzitama kuti wathana nazo. Ambiri salumikiza n’komwe. Amaganiza kuti ndi malungo, amakayezetsa, sapezeka nawo, kenaka amamwa piritsi lija n’kupeza bwino, ndiye amati, “Mwaona, ndikudwaladi, mankhwalawa ndi amene akundithandiza.” Pamene akuchiza matenda amene mankhwala omwewo abweretsa.

Ndipo pali msampha wina umene udagwetsa amayi. Thupi silizolowera mbali zonse za mankhwala mofanana. Mphamvu yogonetsa ndi imene imatha msanga. Koma kuiwalaiwala ndi kuchedwa kudzigwira ukapunthwa sizitha msanga chotero. Munthu amamwa awiri, tulo osabwera, iye n’kumati mankhwala sakugwira, pamene miyendo ndi ubongo zikuwamva onse awiri, kuphatikizapo otsala a dzulo ndi dzana amene sadachoke m’magazi.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Nkhaniyi si yachilendo kwa aliyense amene adaphunzira za mankhwala. Valiyamu adayamba kugulitsidwa mu 1963, ndipo pofika 1988 akuluakulu oona za mankhwala ku Britain adali atalangiza kale kuti mankhwala a gulu limeneli asaperekedwe kupitirira masabata 2 mpaka 4. Koma mpaka lero munthu amalandira kapepala kolembedwa kuti limodzi usiku, osauzidwa kuti adzasiye liti ndiponso adzasiye bwanji. Ndikudziwa mizere ya kuchipatala, ndikudziwa kuti wolemba mankhwala amakhala ndi anthu ambirimbiri panja. Komabe chiganizo chakuti “awa ndi a masiku ochepa chabe, asadutse masabata awiri” sichitenga ndi mphindi yomwe. Za ogulitsa popanda chikalata ndiye sindiwaikira kumbuyo ngakhale pang’ono. Amene amakupatsa dayazepamu mwezi wachitatu osafunsa kanthu akudziwa bwino lomwe chifukwa chimene ukubwererabwerera.

Enanso amene ndimakangana nawo ndi abale a kutchalitchi amene amati munthu wotere chikhulupiriro chachepa, angotaya mapiritsiwo m’chimbudzi n’kupemphera. Mayi wina wa mvano adabwera kudzauza amayi zimenezi dzanja likadali m’chikhakha. Ndidamuperekeza mpaka pageti mwaulemu wonse, koma ndidamuuza kuti akadzagwa ndi iye adzafune galimoto usiku. Pempherani ndithu, ine ndimapempheranso. Mapiritsiwo musataye.

Anthu omwewa akapanda kumwa tiyi m’mawa, pofika madzulo mutu uli waa, ndipo amadziwa kuti kapu imodzi iuchiza. Ndi kusintha kwa mtundu womwewo muubongo, kungoti kwa tiyi kumathera pa mutu ndi ulesi wa masiku ochepa. Mowa ndiye m’bale weniweni wa dayazepamu, chifukwa nawo umagwira pa GABA pomwepo. Chidakwa chikadula mowa mwadzidzidzi chimanjenjemera ndipo chikhoza kuphupha, ndipo kuchipatala amachipatsa dayazepamu yemweyu kuti chitsike bwino. Pa chifukwa chomwecho, musadzaphatikize piritsili ndi mowa, kapena ndi mankhwala opha ululu amphamvu monga tiramadolo, kodini ndi mofini. Pamodzi amatha kuchedwetsa kupuma munthu ali m’tulo mpaka osadzukanso.

Kudalira ndi uchidakwa n’zosiyana

Kudalira kwa thupi kukhoza kugwera aliyense amene wamwa mankhwalawa nthawi yaitali, abusa ngakhale dokotala amene, ndipo sikunena kanthu za khalidwe la munthu. Uchidakwa wa mankhwala uli ndi zizindikiro zina pamwamba pake: chibaba chosaugwira mtima, kumwa masana pofuna kuti mutu uyandame, kunamiza madokotala awiri kapena atatu kuti aliyense akulembereni, kubisa mapaketi, kupitiriza ngakhale ntchito ndi ana zikuonongeka. Mu kalata yanu sindikuonamo zimenezi. Chimodzi chokha chimene ndikufuna muchiyang’ane ndi chakuti piritsi lachiwiri mudaonjezera nokha. Lachitatu lisakhalepo.

Tsono chochita. Pitani kwa amene adakulemberani, kapena dokotala wina aliyense, mutanyamula paketi, mukanene zoona: mamiligalamu 10 usiku uliwonse, masabata 7, ndi zimene zidachitika mutasiya. Mukanenenso ngati mumamwa mowa, ngati muli ndi khunyu, kapena ngati mwina muli oyembekezera. Njira yodziwika ndi kuchepetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a mlingo wa tsiku pa masabata awiri aliwonse. Pa mamiligalamu 10, gawolo ndi 1.25, yomwe ndi kota ya piritsi lanu la mamiligalamu 5. Ndiye mungayambe ndi piritsi limodzi ndi makota atatu kwa masabata awiri, kenaka limodzi ndi theka, kenaka limodzi ndi kota, mpaka pansi, zomwe zingatenge masabata 16 kapena kuyandikira apo. Dokotala akhoza kufulumizitsa poona kuti simudamwe nthawi yaitali kwambiri, kapena kuchedwetsa. Kumapeto ndi kumene kumavuta, chifukwa kuchotsa kota pa theka la piritsi ndi kudula mlingo pakati, ndiye ngati alipo mapiritsi a mamiligalamu 2 mukapemphe amenewo kuti masitepe achepe. Sitepe ina ikakuvutani, khalani pomwepo sabata ina kapena awiri m’malo mobwerera m’mwamba.

Pa sitepe iliyonse yembekezerani mausiku angapo a tulo tovuta ndi maloto oopsa, ndipo zimenezi zimatha zokha. Dzukani nthawi imodzimodzi m’mawa uliwonse ngakhale mudagona mochedwa, musagone masana, tiyi athere masana. Koma mukayamba kusokonezeka, kuona kapena kumva zinthu zomwe palibe, kuphupha, kapena kuganiza zodzipha, kumeneko ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Pachipatala cha boma cha m’boma lanu funsani namwino woona za matenda a maganizo, ndipo ngati muli ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, a St John of God amathandiza pa nkhani zoterezi. Mukafikako mukatchulenso za malirowo, chifukwa mankhwala akamachepa chisoni chimene chidakusowetsani tulo chimamvekanso, ndipo ndi bwino kuti pofika sitepe yachitatu kapena yachinayi mukhale mutapeza kale munthu wokamba naye.