Funso la chombo cha 0.8c lija

"Chombo chikuthamanga pa 0.8c kupita ku nyenyezi yomwe kuwala kumatenga zaka 4 kuti kukafikeko. Akufuna nthawi ya pa wotchi ya m'chombomo. Ndichulukitse ndi γ kapena ndigawe? Mayeso ndi Lachisanu, thandizeni."

Gawa mphwanga, gawa! Ine funso lomweli litabwera pa mayeso anga ndinachulukitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Usiku wake ndinachezera kuloweza mafomula kwathu ku Kawale, magetsi atazima, ndikuwunikira ndi foni. M'mawa ndili m'holo, thukuta kamukamu ndi dzuwa la Okutobala, ndinayamba bwinobwino. Nthawi ya pa dziko ndi 4 kugawa ndi 0.8, zaka 5. Gama ndinaipeza:

```
γ = 1/√(1 − 0.8²) = 1/0.6 ≈ 1.67
t = γ t₀     L = L₀/γ
```

Basi mutu unandiuza kuti ife a padziko ndife okhazikika, ndiye 5 ija ndi t₀. Ndinachulukitsa, kunabwera zaka 8.33, ndinajambula mizere iwiri pansi pake monyadira. Pepala pobwera linali ndi ziro wofiira, wamkulu ngati dzira. Aphunzitsi aja sanandipatse ngakhale malikisi amodzi a gama, chonsecho ndinaipeza molondola. Nditawatsatira ku ofesi anangoti "kawerengeni", maso ali pa foni. Munthu yemweyo chaka chonse ankangokopera mafomula pa bolodi, osanenapo n'kamodzi komwe kuti t₀ ndi ya ndani.

Ndiye imva. t₀ ndi nthawi ya wotchi imene inalipo pa zochitika zonse ziwiri, ponyamuka ndi pofika. Wotchi yotsala pa dziko siinafike ku nyenyezi. Yafika ndi ya m'chombo, choncho t₀ ndi yake, ndipo nthawi zonse t₀ ndiye yaing'ono: 5 kugawa ndi 1.67, zaka 3.

Msampha uli pa mtunda. L₀ amayeza ndi amene sakuyenda poyerekeza ndi chinthu choyezedwacho. Dziko ndi nyenyezi timaziwerengera kuti sizikusuntha china kwa chinzake, ndiye 4 ija ndi L₀ ya a padziko. A m'chombo amapeza mtunda wafupika, 4 kuchulukitsa ndi 0.6, kubwera 2.4. Waona? M'funso limodzi lomwelo t₀ ndi ya chombo koma L₀ ndi ya dziko. Akasintha n'kufunsa kutalika kwa chombo chenichenicho, L₀ imabwerera kwa a m'chombo: cha mamita 100, a padziko achiyeza mamita 60, m'litali mokha, m'lifupi ayi.

Ukamaliza dzitsimikizire: 2.4 kugawa ndi 0.8 ndi 3, zagwirizana. Yanga ija, 8.33 kuchulukitsa ndi 0.8 ikanapereka 6.67, mtunda wotalika kuposa 4, pamene uyenera kufupika. Mphindi imodzi yokha ikanandipulumutsa.

Usataye tulo ndi kuloweza, kunandipweteka ine. Komabe izi ziwiri loweza ndithu, amazikonda: pa 0.6c gama ndi 1.25, pa 0.8c ndi 5/3. Ndipo lemba sitepe iliyonse pa pepala, mwina wako wochonga ali ndi mtima kuposa wanga uja.