Mwagawa ndi folo, koma malata sadikira

Funso: Ndili ndi puloti ku Chikanda, ku Zomba, ndipo ndikufuna kumanga zipinda khumi zochititsa lendi ana a ku yunivesite. Mmisiri wandiwerengera kuti zonse zidya K40 miliyoni. Ine ndi achimwene anga amene ali ku Joni tikhoza kumapeza K10 miliyoni pachaka, ndiye ndaona kuti zaka zinayi timaliza. Achimwene akuti ndiwatumizire bajeti ya zaka zonse zinayi asanayambe kutumiza ndalama. Ndiilembe bwanji kuti ioneke yadongosolo? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, za kuoneka bwino zisiyeni kaye. Pepala limene mukufuna kulikongoletsalo likunama, ndipo tsiku limene bodzalo lidzaonekera mudzakhala mutaima m'nyumba yopanda denga, mvula ikugunda cha ku phiri, achimwene ali pa foni kufunsa kumene ndalama zawo zalowera.

K40 miliyoni ya mmisiri ndi mtengo wa lero. Ndi yoona ngati mutagula zonse mwezi uno. Inu mwaitenga n'kuigawa panayi ngati nsima, kuiwala kuti malata mudzawagula chaka chachitatu, pa mtengo wa chaka chachitatucho. Kalata ngati yanu ndaiwerenga kambirimbiri, ya msungichuma wa tchalitchi, ya komiti ya sukulu, ndipo onse amagwa m'dzenje lomweli. Nyumba zosamalizidwa zimene mumaziona m'mbali mwa msewu, udzu utamera m'chipinda chochezera, eni ake si aulesi. Anagawa ndi folo.

Choyamba, nyumba siidya mofanana chaka ndi chaka. Khalani pansi ndi mmisiri muigawe ntchitoyo m'magawo oti mukhoza kuimapo osaononga kanthu. Tiyerekeze kuti zatuluka chonchi, pa mitengo ya lero: chaka choyamba maziko ndi silabu, K8 miliyoni. Chachiwiri makoma mpaka pamwamba, K10 miliyoni. Chachitatu denga, zitseko ndi mawindo, K12 miliyoni. Chachinayi pulasitala, magetsi, madzi, zimbudzi ndi penti, K10 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K40 miliyoni yomwe ija, koma mwaona kale kuti chaka cha denga chadutsa zimene mumapeza.

Tsopano mitengo ikwere. Ndi zingati? Palibe amene angakulozereni ndendende, koma kumbukirani kuti kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankamanga nthawi imeneyo sanaiwale. Ine ndiwerengera 25 peresenti pachaka. Inu mukhoza kupeza nambala yanuyanu: pitani kwa wogulitsa zomangira amene mumamudziwa, mufunse kuti thumba la simenti, lata limodzi ndi chitsulo chimodzi zinali zingati chaka chatha mwezi ngati uno, muyerekeze ndi lero.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa kachiwiri. Amaganiza kuti ndi 25, kenako 50, kenako 75. Ayi. Kukwera kwa chaka chino kumakwera pamwamba pa kukwera kwa chaka chatha, ngati chiwongoladzanja cha katapila. Chinthu cha K100 lero chidzakhala K125 chaka chamawa, K156 chaka chinacho, ndipo chaka chachinayi K195. Kungotsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Ndiye maziko akhalabe K8 miliyoni poti mukumanga chaka chino. Makoma a K10 miliyoni afika K12.5 miliyoni. Denga la K12 miliyoni lafika pafupifupi K19 miliyoni. Zomalizitsa za K10 miliyoni zafika K19.5 miliyoni. Nyumba yanu ndi ya K59 miliyoni, mayi, osati 40.

Koma nambala imene achimwene ayenera kuiona si imeneyo yokha. Pa pepalapo chaka chilichonse chikhale ndi mzere wake, ndipo kumapeto kwa mzerewo muzilemba ziwonkhetso ziwiri: ndalama zonse zimene zatuluka kuyambira tsiku loyamba kufika chaka chimenecho, ndi zonse zimene zalowa kuyambira tsiku loyamba. Zotuluka ziyenda chonchi: 8, kenako 20.5, kenako 39 ndi kanthu, kenako 59. Zolowa: 10, 20, 30, 40. Ziikeni moyandikana muone. Chaka choyamba mwatsala ndi K2 miliyoni. Chachiwiri mwaperewera theka la miliyoni, zoti mukhoza kuzikwirira osazindikira n'komwe kuti pali vuto. Chachitatu dzenje lafika K9 miliyoni, pa denga penipeni. Ubwino wa chiwonkhetso ndi umenewu: chimakuuzani chaka chimene mudzakakamire, zaka ziwiri chisanafike. Ngati mukukhulupirira kuti zimene mumapeza nazonso zizikwera, zikwezeni pa pepalapo, koma modzichepetsa. Malonda anu sakwera liwiro la malata. Ndalama ya achimwene yokha ndiyo ili ndi kamwayi, chifukwa kwacha ikagwa randi imasintha zambiri.

K2 miliyoni yotsala chaka choyamba ija ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Ndikuidziwa kumene idzapite. Kudzagwa maliro kumudzi, mwana wa achemwali adzabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, malume adzafuna feteleza, ndipo aliyense akudziwa kuti inu ndinu amene mukumanga. Simudzakana, ndipo sindikukuuzani kuti mukhale wouma mtima. Ndikuti ndalama ya nyumba isagone m'chikwama chimodzi ndi ya pakhomo, ndipo yotsalayo isagone n'komwe. Igulireni malata chaka chomwecho. Malata a K2 miliyoni lero adzakhala oposa K3 miliyoni chaka chachitatu, ndipo akaikidwa pouma, osakhudza pansi, chinyontho chosalowa pakati pake, saonongeka. Zitsulo, mawaya a magetsi ndi mafelemu a mawindo n'chimodzimodzi, ndipo ndi zimene zimathamanga kwambiri dola ikasowa. Simenti ayi. Ikakhala miyezi itatu imayamba kuchita mibulu, mudzapeza miyala m'matumba. Komanso malume sangabwereke lata kuti akagulire feteleza.

Ndikanakhala ine, sindikanamanga zipinda khumi zonse nthawi imodzi. Ndikanathira maziko a zonse, n'kukweza zinayi zokha mpaka denga, chimbudzi ndi mpopi, ana alowe. Lendi ya zipinda zinayizo ilowe mu mzere wa zolowa kuyambira chaka chachitatu. Makoma khumi opanda denga salipira ngakhale tambala, amangomwa mvula.

Ndipo mugule kope lachikuto cholimba. Bajeti iyi si yolemba kamodzi n'kuitumiza ku Joni basi. Chaka chikatha, mufufute nambala yoyerekeza ya chakacho, mulembe imene yatulukadi, mufunsenso mitengo ya magawo otsala, muwerengerenso ziwonkhetso zonse. Zimenezi sizitheka ngati malisiti ali m'thumba la ovolosi ya mmisiri, kapena ngati lole ya mchenga munalipira pamanja osalemba. Ndinaonapo mayi wina akulumbira kuti maziko anadya K5 miliyoni. Titatola timapepala m'chitini cha mabisiketi n'kuwonkhetsa, inadutsa 7, mayendedwe ndi chakudya cha anyamata osawerengera. Chilichonse chilembedwe tsiku lomwelo, ndipo pa gawo lililonse muonjezere 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, poti ku Zomba mukhoza kukumba maziko n'kukumana ndi thanthwe.

Achimwene muwatumizire bajeti ya K59 miliyoni, mutaonjezerapo 10 peresenti ija, ndi mzere wa chaka chachitatu mutaulemba ndi cholembera chofiira. Adzadandaula pa foni. Asiyeni adandaule, kenako muwafunse ngati angakwanitse kutumiza za malata chaka chino.