Mpamba wa K800,000, makina a agogo ndi Loweruka: ndiyambe geni yanji?

"Msuweni, ndasunga K800,000. Ndimadziwa kusoka, makina opalasa a agogo aja ali kwa ine, ndipo kuwerengera ndalama sikundivuta. Kuntchito ndimaweruka 5 koloko, ndimapuma Loweruka ndi Lamlungu. Pasipoti ndili nayo. Ndiyambe kupita nanu ku Dar kukaoda katundu, kapena ndiyese geni yanji?"

Msuweni, uthenga wako ndauwerenga kawiri ndili m'basi, ndipo poyamba ndaseka. Ku Dar es Salaam sungapite, ngakhale ukanakhala ndi ndalama kuwirikiza kawiri. Kuchokera ku Lilongwe timagona m'njira kukafika ku Karonga, m'mawa n'kuwoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, kenako Mbeya, kuchoka pamenepo ndi tsiku linanso lathunthu m'basi. Ku msika wa Kariakoo ku Dar suoda tsiku limodzi, chifukwa sitolo yoyamba imene walowa ndi imene imakudyera. Pobwerera katundu amatha kugona pa boda kudikira kuti amuwerengere msonkho. Ine ndikanyamuka Lolemba, kunyumba amandiona Loweruka kapena Lamlungu. Bwana wako angakupatse sabata yathunthu mwezi uliwonse?

Ndiye pali ndalama ya ulendo. Basi, chakudya ndi pogona mtengo wake ndi umodzimodzi kwa munthu amene wanyamula katundu wa K500,000 ndi amene wanyamula wa K5 miliyoni. Wa katundu wambiriyo ndalama ya ulendo amaimwaza pa zinthu mazanamazana, siioneka n'komwe. Iwe ungaisenzetse nsalu zochepa, ndipo pofika kumsika mtengo wako ungakhale wokwera kuposa wa mnzako woyandikana naye benchi. Choncho usayende. Undipatse oda, ndikakugulire, undilipire gawo lako la msonkho ndi thiransipoti. Ambiri tinayamba choncho.

Geni yako ndi chitenje, koma osati kuchigulitsa momwe chabwerera. Ndikuwerengere, ndipo manambalawa uwatenge ngati chitsanzo chabe chifukwa mitengo ikusintha ulendo uliwonse. Nsalu imabwera m'mapisi a mayadi 6, pisi imodzi timadulamo zitenje zitatu. Tinene kuti pisi ndagula K30,000 nditasintha kale ndalama, msonkho ndi thiransipoti zawonjezerapo K10,000. Yafika pakhomo pako pa K40,000. Ukadula n'kugulitsa chitenje chimodzi K16,000, pisi yonse yakupatsa K48,000. Phindu ndi K8,000 basi, ndipo wina akakuthawa ndi chitenje chimodzi cha ngongole, phindu la mapisi awiri lapita.

Pisi yomweyo uiike pa makina a agogo. Diresi wamba imadya mayadi atatu, ndiye kuti nsalu ya K20,000. Layiningi, zipi ndi ulusi tiike K6,000. Ukagulitsa K45,000, watsala ndi K19,000. Madiresi awiri pa pisi imodzi ndi K38,000, pamene wodula zitenje uja wapeza K8,000. Ine ndimavutika m'njira sabata yonse kusaka K8,000 imeneyi pa pisi iliyonse, iwe luso lili m'manja. Nsanje ndikuchita, usaseke.

Koma taona malire ako. Ukaweruka 5 koloko, kukwera minibasi, kuphika, udzakhala pa makina maola awiri mwina, magetsi akakhalapo oti uonere. Kuphatikiza Loweruka, madiresi atatu pa sabata ndiwo ungakwanitse osawononga nsalu ya eni ake ndi tulo. Pa mwezi ndi madiresi 12, mapisi 6 okha. Ndiye K800,000 yonse uilowetserenji m'nsalu? Oda yoyamba ikhale ya mapisi 8, K320,000, maluwa osiyanasiyana, pasakhale awiri ofanana, chifukwa azimayi a ofesi imodzi safuna kukumana atavala zofanana pokhapokha pa chinkhoswe. Ina ugulire layiningi, mazipi ndi nyale ya sola, ukonzetsenso makinawo. Yotsalayo isunge, ndiyo idzakuodere ulendo wachiwiri pamene ya madiresi oyamba idakali m'matumba mwa anthu. Ndipo aliyense woodetsa diresi azipereka theka usanadule nsalu. Wokana kupereka theka ndi yemwe uja amazimitsa foni pa malipiro.

Za pa boda uzidziwebe, chifukwa tsiku lina udzafuna kuwoloka wekha, mwina ku Chipata, kumene munthu wa ku Lilongwe angapite m'mawa kudzera ku Mchinji n'kubwerako usiku. Udzamva anthu akunena za STR, ndondomeko ya COMESA yochepetsera amalonda ang'onoang'ono mapepala ndi msonkho wolowetsera katundu. Ilipodi, ndipo imagwira pakati pa Malawi ndi Zambia. Koma katunduyo ayenera kukhala pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, komanso akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko limene ukumugulalo. Chitenje chopangidwa ku China sichisanduka cha ku Zambia chifukwa wachigula ku Chipata. Tanzania nayo siili mu COMESA, inatulukamo mu 2000, choncho STR ya COMESA siigwira pa nsalu za ku Kariakoo, timalipira msonkho wake ku MRA. Malisiti ogulira uziwasunga pabwino, usamawapinde m'chikwama cha chakudya. A msonkho akaona kuti mtengo umene watchula watsika kwambiri amaika wawo, ndipo wopanda lisiti alibe potsutsira. Anyamata okuuza kuti akuwolotsera katundu njira ya kutchire uwakane. Katundu wopanda pepala la msonkho amagwidwabe pa lodibuloko kutsogolo, ndipo amene anakuwolotsa uja amakhala atabwerera kale.

Chimene chimapha amalonda atsopano kwambiri ndi kusintha ndalama. Mtengo wogulitsira suuwerengera pa ndalama imene unagulira, umauwerengera pa ndalama imene idzafunike kuti ugulenso pisi yomweyo. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ine ndinali nditangomwaza katundu pa ngongole pa mitengo yakale. Anthu anandilipira ndithu, m'kope munkaoneka phindu, koma nditafika ku sitolo ndalama ija inagula mapisi ochepa kuposa amene ndinagulitsa. Kuyambira pamenepo ngongole yanga sidutsa mwezi. Iwenso oda iliyonse ikafika, undifunse kuti shilingi ndinaigula bwanji, usanatchule mtengo kwa munthu.

Nsalu ikafika uziiyesa wekha, ngakhale wakugulira ndine. Uitambasule uyeze, pali mapisi operewera amene chitenje chachitatu chimatuluka chachifupi. Uitembenuze: yabwino maluwa ake amaoneka mbali zonse ziwiri, yotchipa kuseri kumakhala kotuwa. Kenako unyowetse kansalu koyera upukute pakona. Kakatenga utoto, nsaluyo idzasuluka pa chapo choyamba, ndipo mwini diresi sadzanena kuti nsalu inali yoipa, adzanena kuti telala wake ndi wakuba. Kuuma kwa nsalu kusakunyenge, zina amangozipaka zolimbitsa, zikalowa m'madzi n'kukhala ngati neti ya udzudzu. Ine ndinaodapo mapisi khumi otere ndili pa changu chothamangira basi, ndipo ndinawagulitsa motsitsa mtengo kwa osoka makatani.

Ndikunyamuka sabata ya mawa Lolemba. Loweruka lino usoke diresi imodzi ndi chitenje chimene uli nacho, uivale kuntchito, uone ndi angati akufunse kuti wasoketsa kuti. Akakwana atatu, unditumizire K320,000 ija ndi mitundu imene akufuna.